Pampu Yaing'ono, Ntchito ya Matani: Kasankhidwe ka Akyumuleta

Makina oumba mabuloko a simenti sagwira ntchito mofanana nthawi zonse. Amadikira kuti chikombole chidzaze, kenako amapsinja mwamphamvu kwa masekondi awiri, n'kukhalanso duu. Pa masekondi awiriwo oyilo amafunika kuthamanga wambiri zedi. Wopanga makina akhoza kugula pampu yaikulu ndi mota yake, zomwe zingamadye magetsi tsiku lonse chifukwa cha kanthawi kochepako, kapena akhoza kuika pampu yaing'ono pamodzi ndi akyumuleta.

Akyumuleta ili ngati thanki ya madzi ya pamwamba, imene imadzaza pang'onopang'ono koma n'kutulutsa madzi ambiri mpopi ukatsegulidwa. Nzeruyi ndi yakale. Mlatho wa Tower Bridge ku London, womwe unatsegulidwa mu 1894, unkanyamulidwa ndi madzi osungidwa m'maakyumuleta opsinjidwa ndi zitsulo zolemera. Ya masiku ano ndi botolo lachitsulo lokhala ndi chubu cha labala mkati, ndipo m'chubumo mumakhala mpweya wa nayitirojeni. Pampu ikakankhira oyilo m'botolo, mpweya umafinyika. Valavu ikatsegulidwa, mpweya uja umafufuma n'kukankhira oyiloyo kunja mwaliwiro.

Ambiri amaganiza kuti botolo la malita 10 limapereka oyilo wokwana malita 10. Ayi ndithu. Limapereka pafupifupi malita awiri okha, ndipo kusankha akyumuleta kwagona pa kudziwa chifukwa chake.

Kuwerengera kumayambira pa silinda. Tiyerekeze kuti ndi ya mamilimita 100 m'mimba mwake ndipo imayenda mamilimita 400. Kuti ifike kumapeto imamwa oyilo wopitirira pang'ono malita atatu. Malita atatu pa masekondi awiri ndi chimodzimodzi malita 90 pa mphindi, ndipo pampu yotero imafuna mota ya makilowati pafupifupi 22. Koma ngati makinawo amapsinja kamodzi pa masekondi 30 alionse, pampu ya malita 15 pa mphindi ndi mota ya makilowati 5.5 zikwanira. Pa masekondi awiri aja pampu yaing'onoyo ipereka theka la lita, choncho akyumuleta iyenera kuwonjezera malita 2.5. Kubwezera oyiloyo m'botolo kutenga masekondi 10, kubweza silinda m'mwamba kutenga ena pafupifupi 9, ndipo nthawi itsalako. Zikanapanda kukwanira, botolo lalikulu silikanathandiza kanthu, chifukwa akyumuleta imasunga chabe zimene pampu yaipatsa.

Tsopano pakubwera mapuresha atatu. Woyamba ndi wotsikitsitsa umene makina angagwirire ntchito. Pa silinda yathuyi mabaa 120 amapereka mphamvu yoposa matani 9, ndipo tinene kuti ndi imene buloko likufuna. Wachiwiri ndi wapamwamba, pomwe pampu imalekera kudzaza: mabaa 180. Wachitatu ndi wa mpweya umene umapoperedwa m'chubu botolo lilibe oyilo. Opanga maakyumuleta amalangiza kuti ukhale magawo 9 mwa 10 a puresha wotsikitsitsa, apa ndiye mabaa 108, kuti m'botolo muzitsala oyilo pang'ono ndipo chubu chisamamenye valavu ya pansi nthawi iliyonse makina akapsinja.

Amisiri amawerengera motere, pomwe V0 ndi kukula kwa botolo, dV ndi oyilo wofunika, p0 ndi puresha wa mpweya, p1 wotsikitsitsa ndipo p2 wapamwamba:

```
V0 = dV / [(p0/p1)^(1/n) - (p0/p2)^(1/n)]
```

Nkhani yonse ili pa kachilembo n. Mpweya ukamafufuma pang'onopang'ono, umakhala ndi nthawi yotenga kutentha kuchokera ku chitsulo cha botolo, ndipo n amakhala 1. Apa masamu amapereka malita 8.3, ndipo munthu amathamangira kukagula botolo la malita 10 mtima uli m'malo. Koma mpweya wofufuma pa masekondi awiri umazizira mwadzidzidzi, ndipo ukazizira puresha wake umagwa msanga. Pamenepo n wa nayitirojeni amakhala 1.4, ndipo yankho limakwera kufika malita 10.7. Botolo lija lachepa kale.

Pali chinanso chimene amisiri odziwa ntchito saiwala. Makina akaima kwa kanthawi, mwina anyamata akusakaniza mchenga wina, mpweya umene unatentha pofinyidwa umazizira pampu ikusungabe mabaa 180. Kupsinja kotsatira kumayambira pa mpweya wozizira kale, womwe umazizirabe pofufuma, ndipo apa pamafunika malita 12.4. Munthu akawonjezera kagawo kodzitetezera, chifukwa oyilo amataya mphamvu m'mapaipi ndipo mpweya umathawa pang'ono pakapita miyezi, botolo la malita 13 limene makampani ena amapanga limakhala la pampenipeni. Chanzeru ndi kutenga la malita 20.

Njira ina ndi kukweza puresha wapamwamba. Pa mabaa 210, yankho lija la malita 10.7 limatsika kufika 8.2, chifukwa mpata wa pakati pa mapuresha awiriwo wakula. Mtengo wake ndi magetsi ambiri, oyilo wotentha, ndi mapaipi oyenera kupirira. Mpatawo ulinso ndi malire: pa akyumuleta ya chubu, puresha wapamwamba usapose kanayi puresha wa mpweya, apo ayi labala imapindika mopyola n'kung'ambika.

Kutentha kwa malo nakonso kumasokoneza masamu. Mpweya wopoperedwa pa mabaa 108 m'mawa kukuzizira, pa madigiri 20, umafika mabaa 119 oyilo akatentha mpaka madigiri 50. Apo wangotsala pang'ono kufanana ndi puresha wotsikitsitsa, botolo limauma kumapeto kwa kupsinja kulikonse, ndipo chubu chimayamba kudyeka. Choncho wopopa makina ali ozizira aike mabaa pafupifupi 98, kuti 108 ikwane ntchito ikafika pachimake.

Makina okha amanena zinthu zikalakwika. Silinda ikatsika mwaliwiro kenako n'kuyamba kukwawa isanafike kumapeto, ndiye kuti oyilo wa m'botolo watha ndipo yatsala ndi pampu yokha. Singano ya geji ikamalumpha kuchoka pansi kufika pamwamba m'kanthawi, pampu ikudzaza ndi kuleka pafupipafupi, mwina mpweya wathawa kapena chubu chaphulika. Kuyeza kwake n'kosavuta. Mmisiri amazimitsa pampu botolo litadzaza, n'kutsegula pang'ono valavu yobwezera oyilo mu thanki, maso ali pa geji. Singano imatsika pang'onopang'ono, kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi mpaka pa ziro. Nambala imene inali pomwe singano imagwa ndiyo puresha wa mpweya wotsala m'chubu.

Paipi yochokera ku botolo isaiwalike. Malita 75 pa mphindi ochokera mu akyumuleta sangadutse bwino m'kapaipi kamene kanasankhidwira pampu ya malita 15. Mapaipi ndi valavu yolowera ku silinda ziyenera kukula molingana ndi malita 90 onse aja, ndipo botolo likhale pafupi ndi silinda, litaimirira, mbali ya mpweya ili kumwamba.

Pa nkhani ya mpweya palibe kunyengerera. M'chubu mumalowa nayitirojeni yekha. Okosijeni wa m'botolo la owotcherera zitsulo akakumana ndi oyilo pa puresha wotere amaphulika, ndipo mpweya wa kompuresa nawonso ndi woopsa. Komanso mota ikazima, kapena magetsi akathima, botolo limakhalabe ndi mabaa ake 180, okwanira kutsitsa silinda pa dzanja la munthu amene akuchotsa simenti m'chikombole. Mwini makina aliyense aonetsetse kuti pali valavu yotsitsira puresha, ndipo asalole wina kugwira sipanala geji isanaonetse ziro.