Okulitsa Nthano m'Makomboni a Lusaka

M'masukulu oyendetsedwa ndi anthu a m'dera ku Kanyama, Chawama ndi George simusowa mwana wa zaka 13 amene anayamba sukulu mochedwa. Kabuku ka Giredi 1 kamamuchititsa manyazi, pomwe buku la kusekondale limamukanika. M'pamene pabadwira ntchito yopanda dzina pachikwangwani: aphunzitsi ndi odzipereka a m'makalabu owerenga amatenga nthano ya ana n'kuilembanso kuti imukwane wamkuluyo. Ena amayambira pa nthano za agogo, ena pa African Storybook, nkhokwe ya pa intaneti imene imaika nkhani m'magawo 5 ndipo imalola aliyense kuzisintha. Akamaliza amakasindikiza pa fotokope, kawirikawiri ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Titenge nthano ya Kalulu ndi chitsime. Kwa wamng'ono imalembedwa motere: "Kalulu anakana kukumba chitsime. Usiku anaba madzi. Fulu anamugwira." Mmisiri sasintha zochitikazo. Amayamba wafunsa zimene kabukuko kanadumpha: Kalulu anakaniranji, ndipo anzake anamva bwanji? Kenako amalumikiza ziganizo zodukadukazo, kuti chachitali chikoke mpweya, chachifupi chimenye:

"Chilala chitafika povuta, nyama zonse zinakumba mpaka zikhadabo kutha, koma Kalulu, amene ankati mame a m'mawa amamukwanira, anangokhala pamthunzi n'kumaseka. Usiku anabwera monyang'ama, chikho chili m'manja. Mwendo pamwala, gwa! Mwalawo unali Fulu."

Taonani kuti mawu achilendo ndi ochepa. Chimene chakula ndi kayendedwe ka chiganizo, maganizo a Kalulu, ndi mvekero umodzi woikidwa pamalo pake. Luso la mvekero limeneli ndi lomwe linatchukitsa Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970.

Cholakwika chofala ndicho kuunjika miyambi ndi mawu akumudzi poganiza kuti ndiko kukhwima. Mwana wa ku Matero kunyumba amati "manzi", m'buku amapeza "madzi". Wayenda kale mtunda asanakumane ndi mawu ngati "chilala". Nchifukwa chake wodziwa ntchito amaika mawu atsopano pakati pa odziwika, kuti chiganizo chiwamasulire chokha, n'kuwabwereza patsogolo pa nkhaniyo.

Mayeso ake ndi pakamwa. Mwana awerenge mokweza: akapuma pakati pa ganizo, chiganizo chatalika, akakakamira kangapo m'ndime imodzi, mawu alemera, akathamanga osasintha liwu, nkhaniyo ikadali ya ana.

Chondiwawa n'chakuti zolemba zimenezi zimathera m'makope ong'ambika, mvula ikalowa m'nyumba za ku Kanyama n'kupita nazo. A Zambia Educational Publishing House, pitani m'makomboni mukazione, ndipo zabwinozo muzisindikize ndi mayina a eni ake.