Mapatapata a ku Brazil omwe anakwera osataya eni ake

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Alpargatas ya ku Brazil inali ndi vuto lomwe amalonda ambiri saliganizira. Katundu wake wotchuka, mapatapata otchedwa Havaianas, ankadziwika m'dziko lonselo, komabe malonda ankatsika. Mapatapatawo sanali ndi chilema. Chomwe chinavuta n'chakuti anthu anayamba kuwatenga ngati chizindikiro cha umphawi. Munthu amene zayamba kumuyendera ankawavala kubafa ndi kuseri kwa nyumba, koma kuti atuluke nawo pagulu, ayi.

Mapatapatawa anayamba kupangidwa mu 1962, motengera nsapato zachikhalidwe za ku Japan zotchedwa zori. N'chifukwa chake mpaka lero popondapo pake pali timadontho tooneka ngati mbewu za mpunga. Oyambirirawo anali oyera pamwamba, zingwe ndi kunsi kwake zili zabuluu. Ankagulidwa ndi amisiri omanga nyumba, antchito a m'nyumba ndi alimi, ndipo uthenga wowatsatsa unkalonjeza zinthu zitatu zomwe munthu wosauka amasamala: sapindika, zingwe sizizuka, ndipo sanunkha. M'zaka za m'ma 1980, mitengo itapenga m'dzikolo, boma linawaika m'gulu la zinthu zofunika pakhomo zomwe linkayang'anira mitengo yake, pamodzi ndi mpunga ndi nyemba.

Kampani ikafika pamenepa imakopeka ndi njira yachidule: kusintha maonekedwe a katundu yense, kukweza mtengo, n'kumuchotsa m'magolosale kuti apezeke m'masitolo apamwamba okha. Ndikuona kuti apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti mumagulitsa mapeyala 100 pa mtengo wa 10 iliyonse, n'kupeza 1,000. Mwakweza mtengo kufika pa 13, ndipo ogula 30 akuthawani. Tsopano mukupeza 910. Lendi ya fakitale, makina ndi malipiro a antchito sizinatsike, kotero peyala iliyonse mwa 70 otsalawo yasenza katundu wolemera kuposa kale. Ogula atsopano omwe mumawafuna sabwera tsiku lomwelo, chifukwa maganizo a anthu pa dzina la katundu amasintha pang'onopang'ono, pamene wogula wakale akaona mtengo wakwera amachoka lero lomwe.

Alpargatas sinatsate njira imeneyo. Mu 1994 inatulutsa mtundu wachiwiri, Havaianas Top, ndipo mtundu wakale uja inausiya pamsika, m'malo omwe unkapezeka kale, kwa anthu omwe ankaugula kale. Akale aja akugulitsidwabe mpaka pano, ndipo amatchedwa Tradicional.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri pankhaniyi ndi kumene maganizo a Top anachokera. Achinyamata ena ankazula zingwe za mapatapata akale, n'kutembenuza popondapo kuti mbali yamtundu ija ibwere pamwamba, kenako n'kubwezeretsa zingwezo. Zikatero patapata yense ankaoneka wa mtundu umodzi, mbali yoyera yomwe inkadziwika kuti ndi ya amphawi itabisika pansi. Anthuwa ankaukonda katunduyo, ankangofuna kuti asawachititse manyazi. Kampani inaona zimenezi n'kuwapangira chomwe ankachifuna kale: mapatapata a mtundu umodzi, amitundu yosiyanasiyana, okhuthalako pang'ono, dzina lake litalembedwa mooneka bwino. Mtengo wake unali wokwererapo, koma wogula ankatha kuona ndi maso komanso kukhudza ndi manja chomwe akulipirira. Kukweza mtengo wa chinthu chomwe chija popanda chosintha chooneka, wogula wa tsiku ndi tsiku amakutenga ngati kumubera, ndipo sitingamunene kuti walakwa.

Kagulitsidwe nakonso kanasintha. Akale aja ankaunjikidwa mulu pakona ya golosale, atamangidwa awiriawiri. Atsopanowo ankapachikidwa poonekera, mtundu uliwonse pamzere wake, ndipo analowa m'masitolo a nsapato ndi a zovala. Kulekanitsa malo chonchi kumathandiza mbali zonse ziwiri. Wogula wa ndalama zambiri sapeza mtundu wotchipa pafupi kuti ayambe kufunsa chifukwa chomwe akulipirira zambiri, ndipo wogula wakale akapita kugolosale ya kwawo amapeza chomwe wabwerera, pa mtengo womwe angakwanitse.

Kutsatsa malonda ndi kumene kukanatha kuononga zonse. Zikanakhala zosavuta kunena kuti Havaianas tsopano ndi a anthu apamwamba, zomwe zikanamveka ngati kunyoza mmisiri amene wawavala moyo wake wonse. M'malo mwake kampani inaonetsa anthu otchuka a pa wailesi yakanema atavala mapatapatawo m'moyo wawo wamba, kunyanja kapena pogula zinthu, ndipo mawu otsatsira anali akuti "Todo mundo usa", kutanthauza kuti aliyense amavala. Wolemera anapatsidwa chilolezo chowavala pagulu, ndipo wosauka anauzidwa kuti chomwe wavala kumapazi ndi chomwenso wavala munthu amene amamuonera pa kanema. Palibe amene anakankhidwira kunja. Mu 1998, chaka cha mpikisano wa mpira wa dziko lonse ku France, kampani inaika kambendera ka Brazil pachingwe, ndipo mapatapata omwe kale ankachititsa manyazi anasanduka chinthu chonyadira nacho dziko, chomwe alendo amagula popita kwawo. Masiku ano amagulitsidwa mapeyala oposa 200 miliyoni pachaka, ndipo ochuluka amagulidwabe m'Brazil momwemo.

Kuti tione mmene zimakhalira wogula wakale akanyalanyazidwa, tiyang'ane masitolo a J. C. Penney a ku America. Makasitomala awo anazolowera makuponi ochotsera mtengo ndi maselo a pafupipafupi. Ron Johnson, yemwe anachokera ku kampani ya Apple mu 2011, anathetsa zambiri mwa zimenezi kumayambiriro kwa 2012, m'masitolo onse nthawi imodzi, osayesa kaye m'malo ochepa. Anafuna kukopa ogula atsopano okonda zamakono. Akale anachoka, atsopano sanabwere okwanira, ndipo malonda a chaka chimenecho anatsika ndi pafupifupi 25 peresenti. Mu Epulo 2013 anachotsedwa ntchito.

Zizindikiro zoti zinthu zikulakwika zimaoneka msanga kwa amene akuwerenga zoyenera. Ndalama zolowa zimatha kunamiza miyezi yoyambirira, chifukwa mtengo wokwera umabisa kuchepa kwa ogula. Chofunika kuwerenga ndi kuchuluka kwa katundu amene watuluka, mtundu uliwonse paokha, komanso dera lililonse palokha. Ngati opikula omwe ankaoda mwezi uliwonse ayamba kudumphitsa, kapena pashelefu ya golosale pomwe pankakhala katundu wanu payamba kukhala wa mpikisano wanu, ndiye kuti wogula wakale wayamba kale kuchoka. Ngati mtundu watsopano ukugulidwa kwambiri koma chiwerengero chonse sichikukwera, ndiye kuti simunapeze ogula atsopano, mwangosamutsa akale omwe anali ndi kangachepe m'thumba.

Njira ya Havaianas ilinso ndi malire ake. Inatheka chifukwa katunduyo anali wolimba kuyambira kale, moti chomwe chinkafunika kukonzedwa chinali mbiri yake yokha. Dzina lomwe anthu amalidziwa kuti katundu wake amathyoka msanga silingakwere ndi mitundu yokongola, ndipo liyenera kuyamba lakonza za m'fakitale. Komanso dzina limodzi silingatambasuke mopanda polekezera. Mapatapata odula ndi otchipa amasiyana ndi ndalama zomwe anthu ambiri angazifikire tsiku lina, koma pa galimoto kusiyanako n'kwakukulu. Ndiye chifukwa chake Toyota, itafuna kugulitsa galimoto zapamwamba ku America mu 1989, inazipatsa dzina lina, Lexus, ndi malo akeake ozigulitsira, Corolla n'kumapitirira kugulitsidwa kwa anthu ake monga kale.