Kalata Yoletsa Wofunitsira Anthu Ntchito Osadana Naye

Munalembetsa ku kampani yofunitsira anthu ntchito ngati wowerengera ndalama, koma sabata iliyonse mukulandira maimelo a ntchito za uphunzitsi ndi udalaivala. Nthawi zambiri chimachititsa n'chakuti dzina lanu analiika pa mndandanda wa anthu onse, osayang'ana luso lanu.

Ngati pansi pa imelo pali mawu akuti "Unsubscribe", dinani pamenepo. Koma ngati imeloyo yachokera kwa munthu, muyankheni mwachidule chonchi: "Zikomo pondikumbukira. Ntchito zimene mukunditumizirazi sizikugwirizana ndi maphunziro anga a zowerengera ndalama. Chonde ndichotseni pa mndandanda wanu, ndipo mundidziwitse mukatero."

Sankhani chimodzi musanalembe: kuchotsedweratu, kapena kumangolandira za luso lanu zokha. Mukapempha zonse ziwiri, wolandirayo adzasankha chomukomera. Musakalipe, chifukwa mawa ntchito yokuyenerani ingadzadutse m'manja mwa yemweyo.

Dikirani masabata awiri. Maimelo akapitirira, tumizaninso kalata yomweyo, mutchule tsiku limene munalemba koyamba, ndipo mkulu wa kampaniyo alandireko. Zikakanika, tsekani adiresiyo kuti uthenga wake usamakufikeni.