Lipoti la ntchito lizinena pomwe nzeru zake zathera

Malipoti ambiri a ntchito zachitukuko amafanana ngati analembedwa ndi munthu mmodzi. Mudzi unali pa mavuto, kunabwera pulojekiti, lero anthu akumwetulira. Wowerenga amene akufuna kuyesa zomwezo kwawo amatseka lipotilo asakudziwa poyambira, komanso asakudziwa ngati zingamuyendere. Lipoti lofotokoza ntchito imodzi mozama limayenera kuyankha mafunso anayi: vuto linali chiyani, munachitapo chiyani, chinatuluka ndi chiyani, nanga zotulukazo zikulekeza pati. Kuti zimveke, tione nkhani ya makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani, omwe anayesedwa pa Chipatala Chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuja ambiri timati ku Gulupu.

Poyamba ndi vuto, ndipo apa ambiri amalakwitsa potambasula kwambiri. Wina akanayamba ndi mawu akuti "ana ambiri amamwalira m'Malawi muno". Ndi zoona, koma chiganizo chotere sichikuuza wowerenga chomwe chikufunika kukonzedwa. Vuto la ku Gulupu linali lopapatiza. Mwana wobadwa masiku asanakwane mapapo ake amakhala osakhwima, ndipo timatumba ta mpweya m'mapapomo timafota nthawi iliyonse akatulutsa mpweya. Makina amene amasunga timatumbato totseguka analipo kale m'maiko olemera, koma mtengo wake unali madola zikwi zingapo, choncho makanda ambiri kuno ankangopatsidwa okosijeni wa m'mphuno. Mukalemba chonchi, wowerenga wadziwa amene akuvutika, chomwe chikuwavuta, ndi chifukwa chomwe njira yodziwika kale inali kulephereka. Ndime imodzi ndi yokwanira.

Kenaka pabwere zomwe munachita, motsatana monga zinachitikira. Muyeso wake ndi wosavuta: kodi munthu wa ntchito ngati yanu, atawerenga, angabwereze? Madokotala a ku Blantyre pamodzi ndi akatswiri a ku Yunivesite ya Rice ku Amereka anapanga makina otchipa pogwiritsa ntchito timapampu tomwe timapopera mpweya m'mathanki oweteramo nsomba za m'nyumba. Mpweya umasakanizidwa ndi okosijeni n'kulowa m'mphuno mwa mwana kudzera m'timapaipi, ndipo paipi ina imamizidwa m'botolo la madzi. Kuya kwa madziwo ndi kumene kumaika mphamvu ya mpweya wotsalira m'mapapo, ndipo namwino akaona madzi akubwata amadziwa kuti mpweya sukuthawira pena.

Koma kufotokoza makina okha sikukwanira. M'gawo lomweli muyenera kunena mmene anthu anasankhidwira. Pa kafukufuku wa mu 2012, anatenga makanda olemera kuposa kilogalamu imodzi amene ankabanika kwambiri. Mwana ankaikidwa pa makina ngati makinawo analipo. Akakhala kuti onse ali ndi ana ena, ankalandira okosijeni monga kale. Mfundo imeneyi ikuoneka yaing'ono, ndipo olemba ambiri amaidumpha poopa kutopetsa wowerenga. Musaidumphe, chifukwa ndi imene idzatiuze kulemera kwa zotsatira.

Zotsatira zinatuluka mu 2014. Mwa makanda 62 amene anaikidwa pa makina, 44 anatuluka m'chipatala ali moyo, kutanthauza 71 pa 100 alionse. Mwa makanda 25 amene analandira okosijeni yekha, anapulumuka 11, kutanthauza 44 pa 100 alionse. Taonani mmene chiganizochi chamangidwira. Chapereka chiwerengero chenicheni cha ana chisanapereke maperesenti, ndipo chaika gulu loyerekezera pambali pomwepo. Wolemba akanangoti "ana 71 pa 100 alionse anapulumuka", sitikanadziwa ngati ndi zambiri kapena zochepa. Akanati "ana ambiri anapulumuka", ndiye kuti sananene kanthu. Mawu a mayi woyamikira angathe kulowa pano, koma abwere pambuyo pa manambala, asalowe m'malo mwake.

Tsopano gawo limene olemba amaliopa, la malire. Ena amalithawa poganiza kuti opereka ndalama akhumudwa. Ena amalembapo kachiganizo kongochotsa lawama, kakuti "panali zovuta zina monga kuchepa kwa zipangizo". Amenewo ndi madandaulo, si malire. Malire enieni amauza wowerenga zomwe sayenera kukhulupirira mopitirira kuchokera pa manambala anu.

Pa nkhani ya Pumani, malire oyamba achokera pa mfundo ija ya kasankhidwe. Ana sanagawidwe mwa maere, choncho n'kutheka kuti magulu awiriwo ankasiyana kale pa zinthu zina makina asanayatsidwe. Achiwiri ndi kuchepa kwa gulu loyerekezera. Pa ana 25, mwana mmodzi yekha amasuntha chiwerengero ndi maperesenti 4; akanapulumuka ana ena atatu okha, 44 uja akanakhala 56. Achitatu ndi malo. Ichi ndi chipatala chachikulu chophunzitsirapo madokotala, chokhala ndi akatswiri a matenda a ana, ndipo odwala onse anali makanda ongobadwa kumene. Kunena zimenezi sikuchepetsa ntchitoyo. Kusiyana kwa 71 ndi 44 n'kwakukulu ndithu, ndipo makinawo pambuyo pake anafalitsidwa m'zipatala za boma m'dziko muno. Kukungouza wowerenga kuti umboni uli pa makanda, pa chipatala cha mtundu umenewu.

Kuti muone kuti malire otere si mwambo chabe, taonani zomwe zinapezeka pa chipatala cha boma cha Salima. Kumeneko ofufuza ena anayesa makina a kampani ina ogwira ntchito mwa njira yomweyi, koma pa ana a mwezi umodzi mpaka osakwana zaka zisanu, odwala chibayo chachikulu pamodzi ndi mavuto ena monga kunyentchera kapena kachilombo ka HIV. Ana 644 anagawidwa mwa maere, pamalo pomwe panalibe dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2019 zinaonetsa kuti pa gulu la makina anamwalira 17 pa 100 alionse, pomwe pa gulu la okosijeni anamwalira 11. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. Izi sizikutsutsa za ku Blantyre, poti odwala ndi ena, matenda ndi ena, chisamaliro n'chinanso. Koma munthu amene akanawerenga lipoti longoti "makinawa amapulumutsa ana obanika", popanda kunena ana ati ndiponso pa chipatala chotani, akanasokera.

Pali njira yodziwira ngati gawo lanu la malire lili loona. Malire alionse aziloza chinthu chomwe mwachitchula kale m'gawo la zochita kapena la zotsatira. Ngati mwalemba kuti munasankha alimi odzipereka okha, nenani kuti alimi odzipereka amakhala akhama kale. Ngati munayesa nyengo imodzi ya mvula yabwino, nenani kuti za chaka cha ng'amba simunazione. Ngati ena anasiyira panjira, perekani chiwerengero chawo, chifukwa otsala mpaka kumapeto kawirikawiri ndi amene zinawayendera. Ndipo malire asabisidwe pansi penipeni m'zilembo zing'onozing'ono. Aikeni pafupi ndi zotsatira, kuti wotenga nambala atengere limodzi ndi chenjezo lake.

Ineyo ndimalangiza olemba kuti ayambe kulemba gawo la malire asanakhudze magawo enawo, ngakhale lidzakhala lomaliza pa pepala. Mukatero, mutu wa lipoti ndi ndime yoyamba sizilonjeza zoposa zomwe muli nazo. Mukamaliza, perekani lipotilo kwa munthu wa ntchito ngati yanu wa m'boma lina, mumufunse kuti atchule anthu amene njirayi siinayesedwe pa iwo. Akalephera kuyankha, bwererani mukalembenso gawo lachinayi.