Mafuta a Pamimba: Zoona Zake pa Masitiapu, Thukuta ndi Tiyi wa Ditokisi

Mafuta a pamimba alipo amitundu iwiri. Ena ali pansi pa khungu, omwe munthu amatha kuwatsina ndi zala, ndipo ena ali mkati, mozungulira matumbo ndi chiwindi. Amkatiwa ndiwo amadetsa nkhawa madokotala chifukwa amayendera limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Onse awiri ndi mphamvu ya chakudya imene thupi linasunga pamene munthu ankadya zoposa zimene amagwiritsa ntchito, ndipo amachepa pokhapokha thupi likayamba kugwiritsa ntchito zambiri kuposa zimene likulandira.

Zikafika pamenepo, mahomoni oyenda m'magazi amachititsa maselo a mafuta a m'thupi lonse kutulutsa zomwe anasunga. Mafutawo amalowa m'magazi, n'kupita kumene kukufunika mphamvu. Mnofu wa pamimba ukamagwira ntchito, mafuta amene ukuwotcha akhoza kukhala ochokera m'ntchafu, kumsana kapena m'manja. Malo oyamba kuphwa satengera mnofu umene ukutopa. Amatengera chibadwa cha munthu, zaka zake, komanso ngati ndi mwamuna kapena mkazi.

Apa ndi pamene pamagwera chikhulupiriro chakuti masitiapu, kuja kogona chagada n'kumadzutsa chifuwa, amasungunula chimimba. Mu 1971 akatswiri a ku yunivesite ya California ku Irvine anayeza manja a anthu osewera tenesi, amene kwa zaka zambiri amagwiritsa ntchito dzanja limodzi kuposa linzake. Dzanja lomenyera mpira linali ndi minofu ikuluikulu, koma mafuta a pansi pa khungu anali ofanana m'manja onse awiri. Mu 1984, ku yunivesite ya Massachusetts, amuna ena anachita masitiapu oposa 5,000 aliyense m'masiku 27. Atapimidwa, maselo a mafuta a pamimba sanachepe kuposa a kumsana ndi kumatako. Masitiapu ali ndi ntchito yake: amalimbitsa minofu yochirikiza msana. Koma minofu imeneyi ndi yaing'ono ndipo imawotcha mphamvu zochepa, choncho imangolimba pansi pa mafuta omwe aja. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kulima kumagwiritsa ntchito minofu ikuluikulu ya miyendo ndi msana, ndipo n'kumene kumadya mafuta ambiri. Chosangalatsa n'chakuti mafuta amkati, oopsa aja, sachedwa kuchepa munthu akayamba kutakataka chonchi.

Nkhani ya thukuta imanamiza anthu ambiri chifukwa sikelo imaoneka ngati ikuichitira umboni. Munthu wovala jekete lapulasitiki kapena lamba wothina pamimba akathamanga padzuwa la Okutobala, akhoza kupepuka ndi kilogalamu imodzi pa ola limodzi. Koma kilogalamu imodzi ya mafuta imasunga makalori pafupifupi 7,700, pamene kuthamanga kwa ola limodzi kumawotcha makalori mazana angapo chabe. Chimene chachoka ndi lita imodzi ya madzi, poti thukuta ndi madzi okhala ndi timchere pang'ono, ndipo ntchito yake ndi kuziziritsa thupi. Munthuyo akamwa madzi, sikelo imabwerera pomwe inali.

Mafuta enieni amatulukira kwina. Akawotchedwa amasanduka mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi madzi. Mu 2014 Ruben Meerman ndi Andrew Brown a ku Australia anawerengetsera kuti pa makilogalamu 10 a mafuta amene munthu wataya, 8.4 amatuluka kudzera m'mapapo popuma, ndipo 1.6 okha ndiwo amasanduka madzi. Kudzikulunga pulasitiki sikuwonjezera kanthu pa zimenezi, kumangotsekereza thupi kuti lisazizire. Zotsatira zake ndi mutu, chizungulire, kukokana kwa minofu ndi mkodzo wochepa wachikasu kwambiri. Chakumapeto kwa 1997 ophunzira atatu a m'makoleji a ku America ochita masewera ogwetsana anamwalira m'milungu yochepa chabe, akuyesa kutsitsa thupi mwachangu pochita masewera m'malo otentha osamwa madzi okwanira, ena atavala zovala zotsekereza thukuta. Munthu amene wayamba kusokonezeka maganizo kapena wakomoka ndi kutentha amafunika kumuziziritsa msanga ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Tiyi ndi timadziti ta ditokisi timagulitsidwa ndi lonjezo lochotsa poizoni m'thupi, koma ogulitsa satchula kuti poizoniyo ndi uti. Ntchito yosefa magazi imagwiridwa kale ndi chiwindi ndi impso usana ndi usiku, ndipo mafuta a pamimba si zinyalala zomatirira m'matumbo zoti n'kutsukidwa. Ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi masamba a sena, omwe ndi mankhwala otsegula m'mimba, kapena zitsamba zokodzetsa. Sena amagwira ntchito m'matumbo aakulu, pamene mphamvu ya chakudya imakhala italowa kale m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Mimba imaphwadi kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma chimene chatuluka ndi chimbudzi ndi madzi. Womwa tiyiyu kwa milungu yambiri amataya mchere wa potaziyamu, umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino, ndipo kutsegula m'mimba kwambiri kungalepheretse mapiritsi olerera kugwira ntchito. Odwala impso, amayi oyembekezera ndi omwe ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku ali pachiopsezo chachikulu. Madzi ofunda a mandimu alibe vuto lotere, koma nawonso sasungunula mafuta. Amathandiza pokhapokha ngati alowa m'malo mwa tiyi wothira shuga wambiri.

Kachepedwe ka mafuta enieni kamaoneka bwino pa chitsanzo cha munthu wolemera makilogalamu 80. Akasiya botolo limodzi la chakumwa chozizira cha shuga la mamililita 500, wachotsa makalori pafupifupi 210 patsiku. Akachepetsa masupuni aang'ono anayi a shuga mu tiyi, wachotsanso pafupifupi 60, ndipo kuyenda ndawala kwa mphindi 30 kumawotcha ena pafupifupi 150. Zonse pamodzi ndi 420 patsiku. Pa liwiro limeneli kilogalamu imodzi ya mafuta imatenga masiku pafupifupi 18, bola nsima, mandasi kapena mowa zisawonjezeke potseka mpata umene watsala. Miyezi ikamapita liwiroli limatsika, chifukwa thupi lopepuka limawotcha zochepa. N'chifukwa chake makilogalamu awiri ochoka usiku umodzi sangakhale mafuta.

Poti sikelo imasinthasintha ndi madzi, mchere, chakudya chotsalira m'mimba ndi nyengo ya msambo, tepi ya telala imanena zoona kuposa iyo. Imazungulizidwa pakhungu, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo, munthu ataima ndiponso atatulutsa mpweya mosakakamiza. Muyezowo uyenera kuchepera theka la kutalika kwake: wa masentimita 170 asafike 85. Kuyeza kamodzi pa milungu iwiri, m'mawa asanadye, n'kokwanira. Mimba imene yakula mwadzidzidzi, yolimba, yopweteka, kapena yobwera pamodzi ndi kutupa miyendo ndi chikasu m'maso ikhoza kukhala madzi kapena chotupa, ndipo imafunika kupimidwa kuchipatala munthu asanaganize zochepetsa thupi.