Kodi mumadziwa? Kalisiyamu amachepetsa fuloraidi m'madzi a pamjigo

Fuloraidi wochuluka m'madzi a pamjigo, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, amadetsa mano a ana. Nthawi zambiri amachokera ku mwala wa CaF₂, umene umasungunuka pang'ono chabe, motsatira lamulo ili: [Ca²⁺][F⁻]² = 3.9 × 10⁻¹¹.

M'madzi opanda mchere wina, mamolo 0.00021 a CaF₂ amasungunuka pa lita, zimene zimapereka mamiligalamu 8 a fuloraidi. Koma madzi akakhala kale ndi kalisiyamu wokwana mamolo 0.002 pa lita, malo a fuloraidi amachepa, popeza zochulukitsazo sizingapitirire malire aja: [F⁻] = √(3.9 × 10⁻¹¹ ÷ 0.002) ≈ 0.00014, kapena kuti mamiligalamu pafupifupi 2.7.

Watsika ndithu, komabe akuposa mamiligalamu 1.5 pa lita amene bungwe la WHO limavomereza. Choncho madzi a mjigo uliwonse ayenera kuyezedwa.