Chifukwa chake thaulo imauma gwa, ndi njira yoifewetsera

Thaulo yosambira imalukidwa ndi ulusi wa thonje, ndipo pamwamba pake pamakhala timaulusi tambirimbiri topindika ngati timphete. Timphete timeneti ndi timene timamwa madzi, ndiponso timene timachititsa thaulo kumveka yofewa pakhungu. Tikamatirirana kapena kugona pansi, thaulo imauma gwa n'kuyamba kukanda. Nthawi zambiri nsaluyo imakhala isanathe. Chimene chavuta ndi zotsalira mu ulusi komanso kaumitsidwe kake.

Choyamba chimene chimatsalira ndi sopo. Popeza thaulo ndi yochindikala, imasunga sopo wambiri kuposa malaya, ndipo kuitsukuluza kamodzi sikukwanira. Vutoli limakula kumene madzi ali ndi mchere wambiri wa kashiamu ndi maginiziyamu, monga madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zina. Madzi otere amadziwika msanga: sopo sachita thovu bwino, ndipo m'ketulo mumamatirira zinthu zoyera. Mcherewo ukakumana ndi sopo wolimba wochapira uja, pamapangika zinyenyeswa zotuwa zosasungunuka m'madzi, zimene zimakanirira mu ulusi. Wochapa akaona thovu lachepa amawonjezera sopo, ndipo zinyenyeswazo zimachulukirachulukira. Mankhwala onunkhira ofewetsera zovala nawonso sathetsa vutoli, chifukwa amangokuta ulusi ndi zoterera ngati mafuta. Akagwiritsidwa ntchito pochapa paliponse, thaulo imasiya kumwa madzi.

Chachiwiri ndi kaumitsidwe. Ngakhale thaulo yotsukuluzidwa bwino imalimba ikauma ili chete pachingwe. Mu 2020 akatswiri a ku Japan, a pa yunivesite ya Hokkaido ndi a kampani ya Kao, anafotokoza kuti thonje likauma pamatsala madzi ochepa kwambiri pamwamba pa ulusi, ndipo madziwo amamata ulusi wina ndi unzake ngati guluu. Kumatana kumeneku kumatha nsalu ikagwedezeka. N'chifukwa chake thaulo youma tsiku la mphepo imafewa kuposa youma padzuwa lowala kopanda kamphepo. Kusita kumawonjezera vutoli chifukwa simbi imagoneka timphete tija.

Musanachite chilichonse, n'kofunika kudziwa gwero la vutolo. Thaulo youma iviikidwe m'madzi ofunda opanda sopo n'kuifinya. Madziwo akatuwa kapena kuchita thovu, ndiye kuti muli sopo wotsalira. Dontho la madzi likakhala pamwamba osalowa msanga, vuto ndi mankhwala ofewetsera. Ikafewa pongoikutumula ndi kuifikisa m'manja, vuto ndi kaumitsidwe kokha.

Thaulo imene yakhala ikuchapidwa miyezi yambiri ndi madzi a pamjigo ingakonzedwe motere. M'beseni muthiridwe malita 10 a madzi otentha ndithu koma osawotcha manja, ndi kapu imodzi ya viniga woyera, pafupifupi mamililita 250. Thauloyo iviikidwe kwa ola limodzi, n'kumaitembenuza. Asidi wa mu viniga amasungunula mchere wokanirira uja ndi kumasula zinyenyeswa za sopo. Kenako itsukuluzidwe, ndipo ichapidwe ndi sopo wa ufa pang'ono chabe, chifukwa sopo wa ufa amagwira bwino m'madzi a mchere kuposa sopo wolimba. Itsukuluzidwenso kawiri kapena katatu kufikira madzi atayera mbee. Ngati madzi a mvula alipo, ndiwo abwino potsukuluza komaliza popeza alibe mcherewo. Thaulo imene inalimba kwambiri ingafune kuviikidwa kachiwiri. Fungo la viniga limatha nsalu ikauma.

Viniga asasakanizidwe ndi mankhwala oyeretsera zovala monga Jik, chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini umene ndi poizoni. Asathiridwenso pamodzi ndi soda, pakuti ziwirizi zimathetsana mphamvu: pamangochita thovu koma osatsuka kanthu. Kwa ochapira makina, viniga athiridwe potsukuluza, ndipo makinawo asadzazidwe kwambiri kuti madzi azitha kudutsa mu nsalu.

Poyanika, thaulo ifinyidwe mosapota mwamphamvu, kenako igwiridwe m'makona awiri n'kuikutumula kangapo kuti timphete tidzuke. Iyanikidwe yotambasula pamalo odutsa mphepo, ndipo ianulidwe ikangouma, osati kuisiya padzuwa tsiku lonse. Isanapindidwe ikutumulidwenso.

Njira zimenezi zili ndi malire ake. Ngati timphete taduka kapena taperepeseka mpaka ulusi wa pansi ukuonekera, viniga sangabwezeretse kufewa. Thaulo yotere yatha ntchito yake yosambira, ndipo ingadulidwe n'kukhala nsalu zopukutira pansi.